Kuwerengera Mapanelo a Sola ndi Mabatire a Chipatala Chakumidzi Chomwe Magetsi Amazimazima

Chipatala chaching'ono chomwe chili kale pa magetsi a ESCOM sichifunika sola yoyendetsa chilichonse. Chimafunika sola yoti magetsi akazima, zinthu zochepa zomwe moyo wa wodwala ukudalira zipitirizebe kugwira ntchito mpaka kutacha. Anthu ambiri akafuna kugula amayamba ndi funso loti mapanelo angati, koma kuwerengera kwabwino kumayambira pa usiku. Usiku ndi womwe umakuuzani kukula kwa mabatire, ndipo mabatirewo pamodzi ndi ntchito ya masana ndi zomwe zimakuuzani chiwerengero cha mapanelo.

Musawerengere potengera kuzima kwa maola anayi kapena asanu komwe kumalengezedwa pa ndandanda. Kumudzi kuzima koopsa ndi kwa pamene thiransifoma yapsa, kapena mtengo wagwera mawaya nthawi ya dzinja, chifukwa pamenepo pamatha masiku magetsi asanabwere. Ngakhale kochokera magetsi kumene kumavuta: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choncho m'malangizo ano tikuwerengera ngati kuti magetsi a ESCOM sabwera tsiku lonse ndi usiku wake.

Yambani ndi kupatula zida

Yendani chipinda ndi chipinda muli ndi kope, pamodzi ndi namwino kapena mzamba amene amagwira usiku, chifukwa iyeyo ndi amene amadziwa mababu omwe sazimitsidwa ndi makina omwe amalira mpaka m'mawa. Pa chida chilichonse lembani mawati ake, omwe amalembedwa pa kachikwangwani kakumbuyo ndi chilembo W, ndiponso maola omwe chimagwira ntchito. Ngati palembedwa maampiya okha, chulukitsani ndi 230, omwe ndi mavolti a magetsi athu. Filiji ndi yosiyana pang'ono popeza imayaka ndi kuzima yokha. Njira yabwino ndi kuilumikiza pa kamita kolowetsa pa soketi kwa maola 24, n'kuwerenga zomwe yadya.

Kenako gawani zidazo pawiri. Mbali imodzi kukhale zomwe siziyenera kuzima: magetsi a kuchipinda chochilira ndi kuwodi, makina a mpweya wa okosijeni, filiji ya katemera ndi mankhwala monga okisitosini, makina oyamwa zamadzimadzi, maikulosikopu, makompyuta ndi mafoni a ntchito. Mbali inayo kukhale chilichonse chomwe ntchito yake n'kutenthetsa: ketulo, mbaula yamagetsi, simbi, giza, hita, ndi makina ophera tizilombo pa zida. Ketulo imodzi imadya mawati pafupifupi 2,000, kuposa zida zonse za mbali yoyamba zitayaka pamodzi. Zimenezi zitsale pa ESCOM, kapena pa jenereta ndi gasi.

Kugawaku kusathere pa pepala. Zida zofunikazo zikhale ndi bokosi lawolawo la mabuleka ndi mawaya awoawo, ndipo masoketi ake akhale a mtundu wina, mwachitsanzo ofiira, kuti aliyense aziwazindikira. Mukangolumikiza inveta, makina osintha magetsi a batire kukhala a pa soketi, ku bokosi lalikulu la chipatala chonse, nyumba za ogwira ntchito nazonso zimadya nawo, ndipo masamu onse otsatirawa amakhala opanda ntchito.

Chitsanzo: chipatala chokhala ndi chipinda chochilira

Tiyerekeze kuti mwalemba zotsatirazi. Mawati kuchulukitsa ndi maola kumapereka mphamvu yomwe yadyedwa, yomwe imalembedwa kuti Wh.

- Mababu 10 a mawati 10 oyaka maola 12, ndi ena 10 oyaka maola 4: 1,600Wh
- Makina amodzi a okosijeni a malita 5 pa mphindi, mawati 350, maola 24: 8,400Wh
- Filiji ya katemera, monga mwa kamita: 1,200Wh
- Makina oyamwa, mawati 100, ola limodzi: 100Wh
- Malaputopu awiri a mawati 60, maola 6: 720Wh
- Maikulosikopu ndi tizida ta kulabu, mawati 30, maola 6: 180Wh
- Mafoni ndi matabuleti: 200Wh

Zonse pamodzi ndi 12,400Wh. Pali chida chimodzi chomwe chimaiwalika kawirikawiri, chomwe ndi inveta yeniyeniyo. Inveta ya 5kVA imadya mawati pafupifupi 50 ikangokhala yoyaka, ngakhale pasakhale cholumikizidwa, ndipo pa maola 24 imeneyo ndi 1,200Wh, yofanana ndi filiji yachiwiri. Mukaiphatikiza, tsiku lonse likufuna 13,600Wh.

Tsopano patulani gawo la usiku. Usiku wa sola ndi wautali kuposa usiku wa maso. Ikamakwana 4 koloko madzulo mapanelo amakhala atayamba kale kufooka, ndipo sapereka mphamvu yokwanira mpaka cha m'ma 8 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 16 omwe batire imakhala yokha. Pa maolawo mababu adya 1,600Wh, okosijeni 5,600Wh, filiji 800Wh, makina oyamwa 100Wh, ndipo inveta 800Wh. Usiku wonse ndi 8,900Wh, ndipo 4,700Wh yotsalayo ndi ya masana, yomwe imachokera ku mapanelo mwachindunji.

Onani bwino nambala ya okosijeni. Popanda makina amenewa usiku ukanangofuna 3,300Wh. Ndiye kuti funso lalikulu pa chipatala chilichonse si la mababu kapena filiji ayi, koma loti ndi makina angati a okosijeni omwe angayake limodzi usiku wonse. Pena anthu amawerengera maola asanu ndi limodzi okha ponena kuti si tsiku lililonse pamakhala wodwala wofuna mpweya. N'zoona, koma mwana wa chibayo akagonekedwa, makinawo sazima mpaka atachira kapena atatumizidwa ku chipatala chachikulu, ndipo usiku umenewo ndi womwe mukugulira mabatire. Makina a malita 10 amadya pafupifupi mawati 600, choncho werengani kachikwangwani, musangoganizira.

Chimodzimodzi ndi makina ofunditsira khanda. Amadya mawati mazana angapo, ena kufika 1,000 akamatenthetsa. Ngati azamba akufuna kuti akhale pa sola, aloweni m'masamu ndi maola ake enieni. Asangowonjezeredwa pambuyo pake.

Mabatire

Batire siipereka zonse zomwe zalembedwa pa thupi lake. Choyamba, inveta imataya pafupifupi 10 peresenti posintha magetsi a batire kukhala a pa soketi. Chachiwiri, batire siyenera kukhuthulidwa mpaka pansi. Ya lithiyamu, yolembedwa kuti LiFePO4, muziwerengera kuti mugwiritsa ntchito 80 peresenti. Ya asidi kapena ya jelo, theka lokha.

```
batire (Wh) = Wh za usiku ÷ 0.9 ÷ gawo lololedwa
lithiyamu: 8,900 ÷ 0.9 ÷ 0.8 = 12,360Wh
jelo:      8,900 ÷ 0.9 ÷ 0.5 = 19,780Wh
```

Batire ya lithiyamu yofala ndi ya 51.2V 100Ah, yomwe imasunga 5,120Wh. Awiri sakwana, choncho pakufunika atatu, omwe ndi 15,360Wh. Zotsalira pamwambazo si zowonongeka, chifukwa batire imachepa mphamvu ikamakalamba, ndipo yomwe lero ikukwana ndendende idzalephera pakapita zaka zingapo.

Kwa jelo, mabatire anayi a 12V 200Ah olumikizidwa motsatizana amapanga mzere umodzi wa 48V wosunga 9,600Wh. Mizere iwiri, mabatire asanu ndi atatu, ikupereka 19,200Wh, yomwe yaperewera pang'ono pa zomwe tawerengera. Igwira ntchito, koma usiku uliwonse wotere izidutsa theka, ndipo moyo wake uzifupika. Kuti mukhale ndi mpata pafunika mizere itatu, mabatire 12, iliyonse yolemera pafupifupi makilogalamu 60.

Pa chipatala chomwe magetsi amazima pafupipafupi, lithiyamu ndi yomwe tingalangize, ngakhale mtengo wake woyamba ndi wokwera. Chifukwa chake si kuchuluka kwa zaka kokha. Batire ya asidi imafuna kudzazidwa mpaka pakamwa kawirikawiri, ndipo gawo lomaliza la kudzazako limatenga maola angapo chifukwa imalandira pang'onopang'ono. Magetsi akabwera maola atatu n'kuzimanso, batireyo imakhala masabata isanadzazepo, mkati mwake mumamera zouma pa timbale ta mtovu, ndipo mphamvu yotayikayo sibwereranso. Lithiyamu savutika kukhala yosadzaza, ndiponso imalandira mphamvu yambiri mofulumira. Kutentha nakonso kumapha ya asidi: moyo wake umachepa ndi theka pa madigiri 8 mpaka 10 aliwonse opitirira 25. Ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mphepete mwa nyanja, kachipinda ka malata kopanda mawindo kangathe kumaliza mabatire a jelo m'zaka ziwiri.

Nanga kukachita mitambo tsiku lonse magetsi atazima? Mabatire atatu a lithiyamu aja, mukachotsa zotayika, amapereka pafupifupi 11,000Wh, zomwe zingayendetse chipatalachi maola 19 popanda dzuwa ngakhale pang'ono. Kuti mufike maola 24 athunthu muyenera 13,600 ÷ 0.9 ÷ 0.8, yomwe ndi pafupifupi 18,900Wh, kutanthauza mabatire anayi. Ngati pali jenereta yodalirika, atatu akwana. Ngati palibe, ndipo chipatala chili kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, gulani wachinayi. Kupitirira apo n'kodula kwambiri, ndipo ndalamazo zingathandize bwino mutagula jenereta yaing'ono ndi masilinda a okosijeni apadera.

Pa filiji ya katemera pali njira ina yabwino koposa. Pali mafiliji a sola opanda batire, olembedwa kuti SDD, omwe amakhala ndi mapanelo awoawo. Masana amaundanitsa madzi m'makoma mwake, ndipo madzi oundanawo amasunga katemera pakati pa madigiri 2 ndi 8 kwa masiku angapo opanda dzuwa. Ngati chipatala chili nayo kale, isiyeni payokha, ndipo musatengeko mapanelo ake kapena kulumikizako china chilichonse.

Mapanelo

Mapanelo ayenera kuchita ntchito ziwiri tsiku limodzi: kuyendetsa zida za masana, ndi kubwezera zonse zomwe batire yatulutsa usiku. Choncho apa mugwiritsa ntchito nambala ya tsiku lonse, 13,600Wh.

Dzuwa limawala maola pafupifupi 12, koma mphamvu yake yonse mukaisonkhanitsa imafanana ndi maola ochepa a dzuwa la paliwombo. M'Malawi muno pa chaka chonse amakhala pakati pa 5 ndi 6 pa tsiku, ochuluka mu Seputembala ndi Okutobala, ochepa m'miyezi ya mvula yambiri ndiponso mu Juni ndi Julayi kumapiri. Werengerani ndi mwezi wovuta, maola 4.5. Ndiyeno panelo yolembedwa mawati 550 siipereka 550 padenga. Nambalayo inayezedwa panelo ili pa madigiri 25, pomwe padenga la malata masana imafika 60, ndipo kutentha kokhako kumadya pafupifupi 13 peresenti. Mukawonjezera fumbi, mawaya, ndi zotayika mu batire ndi inveta, zotsala ndi pafupifupi 70 peresenti.

```
mapanelo (W) = Wh za tsiku ÷ (maola a dzuwa × 0.7)
13,600 ÷ (4.5 × 0.7) = 4,317W
4,317 ÷ 550 = 7.8
```

Ndi mapanelo 8, omwe akupereka mawati 4,400. Iliyonse ndi yotalika pafupifupi mamita 2.3, mulifupi 1.1, choncho pafunika malo oposa masikweya mita 20. Popeza tili kumwera kwa ikweta, ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri pafupifupi 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Pakati pa panelo ndi malata pakhale mpata wodutsa mphepo wa masentimita osachepera 10. Onaninso mitengo ya denga ngati chiswe sichinailowe, chifukwa mapanelo asanu ndi atatu ndi makilogalamu oposa 200.

Wina angafunse ngati mapanelo onsewa ndi ofunika, popeza ESCOM nayonso imatchaja mabatire ikabwera. Ngati ndalama zavuta mungayambe ndi ochepa, koma dziwani kuti pamenepo mwateteza usiku woyamba wokha. Magetsi akapanda kubwera mawa lake, usiku wachiwiri mudzaulowa ndi batire yosadzaza. Ndipo panelo ndi chinthu chotchipa poyerekeza ndi batire, choncho si malo abwino oumirapo.

Chipatala chikadzalandira makina achiwiri a okosijeni, masamu asintha kwambiri. Usiku ukwera kufika 14,500Wh, zomwe zikufuna mabatire anayi ndendende popanda mpata, ndipo mapanelo awonjezereke ndi asanu. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha inveta ndi malo a padenga zomwe zingalole kukulitsa.

Inveta ndi kalumikizidwe

Zida zonse za m'chitsanzo chathu zitayaka pamodzi zimangopitirira pang'ono mawati 1,000. Filiji ndi makina a okosijeni ali ndi kompuresa yomwe imakoka mphamvu yochuluka katatu kapena kuposa pa kamphindi koyambira, komabe inveta ya 3kVA ikanapirira. Chomwe chikutipititsa ku 5kVA ya 48V ndi tchaja yake, popeza iyenera kulandira mawati 4,400 a mapanelo. Ikhale yolembedwa kuti pure sine wave, chifukwa inveta zotchipa za mtundu wina zimatenthetsa mamota mpaka kompuresa kupsa.

Musanalumikize mapanelo werengani nambala ziwiri. Kuseri kwa panelo kuli Voc, mavolti a panelo isanalumikizidwe ku chilichonse, yomwe pa mapanelo ambiri a mawati 550 ndi pafupifupi 50V. Pa inveta pali malire a mavolti olowa ku MPPT, yomwe ndi tchaja yake yolandira magetsi a mapanelo. Mapanelo 8 otsatizana amapanga 400V, ndipo mavolti a panelo amakwera kukazizira, choncho wonjezerani 10 peresenti poganizira m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzimba. Mwafika 440V. Inveta ya malire a 500V ilandira bwino, ya 450V ili pampheno. Koma zilipo inveta zooneka chimodzimodzi zomwe malire ake ndi 145V, ndipo pa zimenezo mungatsatize mapanelo awiri okha pa mzere, chifukwa atatu afika kale 150V. Kulakwitsa apa kumawotcha tchaja tsiku loyamba.

Pakati pa batire ndi inveta pamadutsa maampiya oposa 100 inveta ikagwira ntchito mokwanira. Gwiritsani ntchito waya wa 35mm², wosapitirira mamita awiri, wokhala ndi timitu tofinyidwa bwino ndi chida chake, ndiponso fyuzi kapena buleka ya 125A pafupi ndi batire. Buleka imeneyi, pamodzi ndi ya ku mapanelo, ikhale yolembedwa kuti DC, kutanthauza magetsi a mtundu wochokera ku batire ndi mapanelo. Buleka wamba ya m'nyumba singathe kuzimitsa lawi la magetsi a mtundu umenewu, ndipo imatha kuyaka moto. Ku mapanelo waya wa sola wa 6mm² ndi wokwana. Musasiye zoteteza ku mphenzi, zolembedwa kuti SPD, imodzi ku mapanelo ina ku ESCOM, ndi chitsulo chokhomera pansi cholumikizidwa ku mafelemu a mapanelo ndi ku inveta. Ntchitoyi agwire munthu wokhala ndi chiphaso cha MERA.

Zotsala ndi zosankha za pa sikirini ya inveta, zomwe zimalepheretsa makina ambiri ogulidwa bwinobwino. Inveta zambiri zili ndi njira yolembedwa kuti SBU, yomwe imayamba kudya sola, kenako batire, ESCOM pomalizira. Panyumba imapulumutsa mayunitsi, koma pa chipatala ndi yoopsa, chifukwa magetsi angazime 10 koloko usiku batire itadyedwa kale kuyambira madzulo. Sankhani SUB, yomwe imayamba kudya sola, kenako ESCOM, batire pomalizira, kuti batire izikhala yodzaza kudikira kuzima. Pa malire a mavolti olowa sankhani UPS m'malo mwa APL. Pa APL inveta imalola magetsi ofooka kwambiri kudutsa kupita ku zida, ndipo kumapeto kwa mizere yaitali yakumidzi magetsi ofooka ndi omwe amawotcha makompuresa. Mphamvu yotchajira kuchokera ku ESCOM ikani pa 50A, yomwe ingabwezere usiku wathunthu m'maola pafupifupi anayi.

Kuyesa, ndi kuzindikira chomwe chavuta

Musalipire ndalama yomaliza musanayese usiku umodzi. Batire itadzaza, tsitsani buleka ya ESCOM 4 koloko madzulo, yatsani makina a okosijeni ngakhale palibe wodwala, ndipo zina zonse ziyende monga mwa masiku onse. Pa 8 koloko m'mawa werengani SOC, yomwe ndi peresenti ya mphamvu yotsala. Mwa masamu athu batire ikhala itatulutsa pafupifupi 9,900Wh pa 15,360Wh, choncho iyenera kusonyeza cha m'ma 35 peresenti. Siyani ESCOM ili yozima tsiku lonselo, muone ngati pofika 4 koloko yabwerera pafupi ndi 100. Lembani nambala ziwirizi m'kope lokhala pambali pa inveta, ndipo ogwira ntchito azilemba SOC m'mawa ndi madzulo, monga amalembera kuzizira kwa filiji ya katemera.

Pa lithiyamu musadalire mavolti poyeza, chifukwa sasintha kwenikweni kuyambira yodzaza mpaka itatsala pang'ono kutha. Onetsetsani kuti kawaya kolumikiza batire ndi inveta kuti zizipatsana nambala kaikidwa. Pa jelo mavolti amathandiza batire ikapumula: pa batire iliyonse ya 12V, 12.7V ndi yodzaza, 12.1V ndi theka.

Kope lija ndi lomwe lidzakuuzeni komwe vuto lili. Ngati madzulo batire ikudzaza koma m'mawa ikupezeka yotsika kuposa kale, pali china chomwe chikudya usiku. Fufuzani hita mu Juni, mbaula, kapena waya wopita ku nyumba yapafupi. Mukapanda kupeza, batire ndiyo yafooka. Ngati siikudzaza n'komwe madzulo kuli dzuwa, vuto lili padenga. Onani mawati omwe sikirini ikusonyeza 12 koloko batire isanadzaze: mapanelo a mawati 4,400 ayenera kupereka oposa 3,000. Akamapereka theka la pamenepo, kawirikawiri ndi fumbi la m'chilimwe, zitosi za mbalame, kapena nthambi ya mango yomwe yakula, popeza mthunzi pa panelo imodzi umabweza mzere wonse. Tsukani m'mamawa ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa, panelo isanatenthe.

Inveta ikamazima nthawi yomwe filiji ikuyamba, batire ili ndi mphamvu, khudzani timitu ta mawaya a ku batire mosamala. Kamutu kotentha ndi kosamangika bwino, ndipo mavolti akugwera pamenepo. Pa mabatire a jelo, yezani iliyonse payokha makina akugwira ntchito. Imodzi ikatsika ndi theka la volti kapena kuposa poyerekeza ndi zinzake, yafa, ndipo ikukoka mzere wonse. Musaike yatsopano imodzi pakati pa zakale, chifukwa zizidzaza mosiyana ndipo yatsopanoyo ikalamba msanga. Sinthani mzere wonse wa zinayi nthawi imodzi, ndipo zakale zomwe zikadali ndi mphamvu muzisonkhanitse mu mzere wawowawo.